Mkaka wa ku Multan, Ng'ona ya ku Barisal

Nkhani iyi anandiuza ndi Lemani, dalaivala wa lole ya sitolo ina ya amwenye pa Kasungu Boma. Anandinyamula pamsewu ndikulowera ku Nkhamenya, ine nditatopa ndi kuyenda, iye atatopa ndi kukhala chete. Tisanafike pa Chatoloma anali atandiphunzitsa kale kuti amwenye si mtundu umodzi monga timaganizira ife, ndipo kuti ena mwa iwo akakumana samvana n'komwe chilankhulo.

Zinachitika zaka zija za makuponi a mbewu ndi feteleza. M'sitolomo munali mnyamata wina dzina lake Delwar, koma alimi ankangoti Deluwa. Kwawo kunali ku Barisal, m'dziko la Bangladesh, dera la mitsinje ndi ngalande kumene munthu amapita ku maliro pa bwato. Chilankhulo chake chinali Chibengali. Ali wamng'ono anapita kukagwira ntchito padoko la nsomba ku Karachi, ku Pakistan, ndipo kumeneko anaphunzira Chiurdu mpaka kumalota nacho. Kumeneko ndi kumene anamupeza a Qayyum, eni sitolo ya ku Kasunguyi, munthu wa ku Multan, ku Pakistan komweko, dera la fumbi ndi ngamila, n'kumubweretsa kuno.

Delwar anagwira ntchito, anakhulupirika, kenaka anachita chimene anyamata okhulupirika amachita: anakonda mwana wa abwana, Nighat. A Qayyum sanakane. Anangoti, "Nkhani za ukwati ndi za amayi. Mayi ako abwere kuno, akambirane ndi mayi a mwanayu. Mayi akowo akanena ndi pakamwa pawo kuti avomera, basi. Akakana, usadzandifunsenso."

Mayi a Delwar, a Jobeda, anafika mu Novembala dzuwa likung'amba nthaka. Anali mayi wamfupi, wamaso akuthwa, wotafuna masamba ofiiritsa milomo. Chiurdu sankachidziwa ndipo sankachifuna, pakuti nkhondo imene inalekanitsa dziko lawo ndi Pakistan anaiona ndi maso ali mtsikana. Mayi a Nighat, a Bilqis, nawonso Chibengali ankangochimva ngati kulira kwa mbalame.

Womasulira anayenera kukhala mnzake wa Delwar wa ku Lilongwe. Koma nyengo ya makuponi ndani angatseke sitolo? Pa Kasungu pomwepo mzere wa anthu ofuna mbewu ndi feteleza unkachokera pakhomo mpaka kukakhota pa depoti ya makabaza. Mnzakeyo anaimba foni kupepesa. Motero mkwati yemweyo, amene mwa mwambo anayenera kukhala panja maso ali pansi, anakhala pakati pa amayi awiriwo kukhala pakamwa pa onse.

Iye sanachite mantha, chifukwa ntchitoyi ankaidziwa. Ku Karachi anaphunzira movutikira kuti mwambi sunyamulidwa monga uliri. Tsiku lina ali mlendo anauza mnzake wa padoko, amene ankawerengera phindu la nsomba zisanagwidwe, mwambi wakwawo m'mawu a Chiurdu: "Chipatso chili mumtengo, iwe wadzola kale mafuta kundevu." Anthu anamuseka mpaka kugwira m'mimba. Sankadziwa kuti ku Barisal kuli chipatso chachikulu chotchedwa kathal, cha utomoni womata ngati ulimbo, chimene wandevu amayamba wadzola mafuta asanadye. Kuyambira pamenepo Delwar anaphunzira kusaka mwambi wa eni dziko wonena chinthu chomwecho. A Chiurdu pamenepo amati munthu akuphika mpunga wa nyama m'maganizo. Ife tikanati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsiku loyamba anakumana m'nyumba ya kuseri kwa sitolo. Nighat anabweretsa tiyi n'kukabisala kuseri kwa katani. A Bilqis, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, sanazungulire.

"Uwauze amayi ako asandione ngati wovuta. Mwana wanga woyamba ndinamupereka mothamanga, ndipo anabwerako akulira. Wopsa ndi mkaka amauzira ngakhale chambiko."

Delwar anatembenukira kwa mayi ake. Mwambi wofanana nawo unabwera wokha palilime. "Amma, akuti mwana wawo woyamba banja linamuvuta. Akuti ng'ombe imene khola lake linapsa imanjenjemera ikaona mtambo wofiira."

A Jobeda anagwedeza mutu pang'onopang'ono, koma maso awo anali pamilomo ya a Bilqis.

Anakamba za nyumba, za tsiku la ukwati, za alendo ochokera ku Limbe. A Jobeda anadula. "Zonsezi ine ndisanavomere? Chipatso chili mumtengo, mafuta ali kundevu."

"Khala," anatero Delwar, pakuti ndimo ankawaitanira a Bilqis, kutanthauza azakhali m'Chiurdu, "akuti tisaphike mpunga wa nyama m'maganizo."

A Bilqis anaseka mpaka zibangiri kulira. "Amayi akowa ndi anzeru! Uwauze kuti nanenso abambo ake a Nighat atabwera ndi mnyamata wosakwatira m'nyumba ya atsikana ndinawauza kuti uku n'kuitana nkhunzi kuti bwera udzandigunde."

"Amma, akuti pamene abwana ananditenga, iwo ananena kuti uku n'kukumba ngalande kuitana ng'ona."

Delwar anatuluka m'nyumbamo akuyenda ngati wakwera njinga yatsopano. Zonse zinali zitayenda bwino. Koma atafika kunyumba yake ya lendi, mayi ake anakhala pamphasa osavula n'komwe nsapato.

"Khala apo. Mkaka uja unapita kuti?"

"Mkaka uti, Amma?"

"Usandiyese chitsiru. Mayi uja ananena kuti dudh. Ndinamva ndi khutu langali. Mkaka ndi dudh kwawo, ndi dudh kwathu. Ndinadikira mkaka, iwe n'kundibweretsera ng'ombe ndi khola lakupsa. Mkakawo unamwa panjira?"

"Amma, tanthauzo lake ndi limodzi."

"Nanga ng'ona? Si iwe unandiuza kuti kwawo ndi fumbi lokhalokha? Mayi ameneyu anaionapo ngalande yolowa ng'ona? Tsiku lonse walankhula ngati mkazi wa kuseri kwa nyumba yanga ku Barisal. Munthu wa ku Multan sangalankhule choncho. Ndiwe amene wakhala ukucheza wekha ndi pakamwa pawiri. Mwina mayiyo amanditukwana, iwe n'kumathira shuga."

Delwar analumbira, anafotokoza, anatchula za padoko ku Karachi. Sizinathandize. Kumasulira kwake kunali kosalala kwambiri moti kunaoneka ngati bodza.

"Tikapitanso," anatero a Jobeda, "undipatse mawu ake monga atulukira. Akati mkaka, mkaka. Akati bulu, bulu. Anganso uwapereke momwemo. Ndikangomva ng'ona ina, ndikwera ndege osavomera kanthu."

M'mawa mwake Delwar ankapereka matumba a mbewu ngati munthu wodwala malungo. Lemani akuti anamufunsa chavuta n'chiyani, ndipo atamva anamuuza kuti, "Achimwene, amayi anuwo akunena zoona. Kandimverere anakanena za m'maluwa." Delwar anangoti, "Iwenso ndi miyambi? Kwezani katundu tizipita."

Pa ulendo wachiwiri a Jobeda anafuna kuonetsa kuti ku Barisal kumachokera anthu. Anatuma mwana wawo kukagula nkhuku yachikuda kwa mayi wina wa ku Njombwa, anaiphika okha ndi mafuta a mpiru amene anabwera nawo m'chikwama, n'kuinyamula m'bakuli. A Bilqis anailandira ndi manja awiri. Anakhala pansi onse n'kuyamba kudya.

"Uwafunse akhala nafe mpaka liti," anatero a Bilqis.

"Mwezi umodzi, Khala."

"Mwezi umodzi wokha, mwana osamuona zaka zonsezi? Kambewu ka zira m'kamwa mwa ngamila!"

Delwar anadziwa kuti mayiwo akumvera chisoni mayi ake, kuti nthawiyo ndi yochepa poyerekeza ndi njala ya mtima. Anatsegula pakamwa kuti atero, koma anakumana ndi maso a mayi ake.

"Akuti kambewu ka zira m'kamwa mwa ngamila."

A Jobeda anaima kutafuna. Zira ndi timbewu tonunkhiritsa chakudya, ndipo mpunga umene unali m'kamwa mwawo unali ndi timbewu tomweto. Anameza pang'onopang'ono. "Ngamilayo ndani?"

"Amma, ndiloleni ndifotokoze."

"Sindinakupemphe kufotokoza. Pitiriza."

Ndiye a Jobeda anachita zimene mayi waulemu amachita kwawo, kuchepetsa mwana wake pamaso pa eni mkazi. "Uwauze kuti mwana wangayu si kanthu. Ndi waulesi, mutu wake ndi wouma, ali mwana ankaopa ndi abakha omwe."

Delwar anamasulira zonse, abakha omwe, thukuta lili kamukamu. Kuseri kwa katani kunamveka ngati wina watsamwa.

A Bilqis anaponya dzanja m'mwamba. "Aa! Amayi onse ndi choncho. Nkhuku ya pakhomo ndi chimodzimodzi dal!"

Dal ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku, ngati nandolo wosenda, chakudya cha amphawi. Mwambiwo umanena kuti chabwino cha pakhomo eni ake sachiona kukoma. Anali mawu omuyamikira Delwar. Mwambi wa Chibengali wofanana nawo unali pansonga ya lilime lake. Koma pakati pa mphasa panali bakuli la nkhuku ya mayi ake, ndipo a Jobeda anali atamva kale mawu awiri amene sanafunike womasulira, murgi, kutanthauza nkhuku, ndi dal.

"Nena," anatero.

"Akuti nkhuku ya pakhomo ndi chimodzimodzi dal."

A Jobeda anapukuta zala chimodzichimodzi. Anatenga chivundikiro n'kutseka bakuli lawo kuti phwa. "Ndadzuka m'bandakucha kusinja zokometsera pamwala. Uwauze kuti mkanda wa ngale m'khosi mwa pusi."

Uku kunali kutukwana kwenikweni: chinthu chabwino chaperekedwa kwa osadziwa mtengo wake. Akanakhala womasuka, Delwar akanadziwa mnzake wa mwambiwo m'Chiurdu, ndipo akanaumeza osaunena. Koma lamulo linali lamulo.

"Khala, akuti mkanda wa ngale m'khosi mwa pusi."

Liwu loti pusi a Bilqis anali atalimva okha, pakuti dzina lake m'zilankhulo ziwirizi limangosiyana pang'ono. Anayang'ana kukatani kumene kunali mwana wawo, anayang'ana Delwar, nkhope yawo n'kufiira.

"Ayi! Zimenezo ndiye ayi! Mwana wanga ndi ngale, inde, sindikana. Koma mnyamata uyu si pusi! Uwauze! Abambo ake a Nighat atadwala chaka chatha anayendetsa sitolo ndani? Anagona pakhonde la chipatala ndani? Kunena kuti ndi waulesi ndinalekerera, koma pusi? M'nyumba mwanga muno? Uwauze kuti ngati iwo samufuna, ine ndimutenga akhale mwana wanga!"

Delwar anamasulira liwu ndi liwu, akudziyamikira yekha ndi mawu a munthu wina, makutu akutentha. A Jobeda, amene anali ataima kale ndi bakuli m'manja, anatsegula pakamwa.

"Ndani wanena kuti iwe ndiwe pusi?"

"Inu, Amma."

"Ine ndimanena iwowo!"

"Akuti chiyani?" anafunsa a Bilqis.

"Wati chiyani?" anafunsa a Jobeda.

Pamenepo Delwar mutu unamuzungulira. Anagwira m'mutu n'kudandaula, koyamba m'Chiurdu, kenaka m'Chibengali. "Ine ndatopa. Ndikasintha mukuti ndikunama, ndikapanda kusintha mukumenyana. Vuto si ine. Zilankhulo ziwirizi n'zopotoka, sizilumikizana!"

Mayi ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulavula mwambi wakwawo. "Nachte na janle..."

"Nach na jane!" anakuwa a Bilqis, chala chili pa Delwar. "Angan terha!"

"Uthon banka!" anamaliza a Jobeda.

Anayang'anana. A Bilqis anapinda dzanja kusonyeza chinthu chokhota, n'kuloza pansi. A Jobeda anagwedeza chiuno pang'ono ngati wovina, nawonso n'kuloza pansi. Wosadziwa kuvina amati bwalo ndi lokhota. Mwambi umodzi, chithunzi chimodzi, ku Multan ndi ku Barisal komwe, ndipo unawoloka wokha popanda womasulira. A Bilqis anayamba kuseka. A Jobeda analimbalimba, kenaka anakhala pansi n'kubisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka.

Atapuma, a Jobeda anakoka mwana wawo malaya. "Ndiye kuti anthu awa ali nayo miyambi yeniyeni. Chabwino. Tsopano uchite chonchi. Undipatse mawu ake monga aliri. Kenaka undiuze amawanena pakachitika chiyani. Wathu usandipatse, ndiupeza ndekha. Yamba ndi nkhuku ija."

"Amanena munthu akamapeputsa chabwino cha m'nyumba mwake chifukwa anachizolowera. Nkhukuyo ndine, Amma. Amati inu simukundiona kukoma."

A Jobeda anaganiza, milomo ikuyenda. "Munthu wa Mulungu akamapempha m'mudzi wakwawo sapatsidwa kanthu."

"Ndi umenewo."

"Bwanji sunanene?"

Delwar anayang'ana kudenga. Anamasulira mwambi wa mayi akewo kwa a Bilqis, mawu ake ndi ntchito yake, ndipo a Bilqis anawomba m'manja. Ngamila ija nayonso inafotokozedwa, ndipo a Jobeda atamva kuti ngamilayo ndi mtima wa mayi wosowa mwana wake, anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso. Anatsegulanso bakuli n'kuwaikira a Bilqis ntchafu.

Koma a Bilqis sanali mwana. Ali mkati motafuna anati, "Nanga wa pusi uja? Amaunena pakachitika chiyani?"

"Amma, akufunsa za pusi."

"Umenewo usiye momwe anaumvera," ananong'ona a Jobeda.

"Munati ndisathire shuga."

"Lero lokha thira."

Delwar anaona kuti a Bilqis akuwayang'ana onse awiri, ndipo anadziwa kuti akabisa apa, mayi winayu ndiye ayamba kufunsa kumene kwapita mkaka. Ukwati wake unali pakati pa mano ake. Anapuma mozama.

"Khala, amayi anaganiza kuti mwanyoza nkhuku yawo. Mwambiwo amaunena chinthu chabwino chikapita kwa munthu wosachidziwa." Anazengereza. "Kwanu mumati, pusi angadziwe bwanji kukoma kwa jinja."

Phokoso la pamzere wa makuponi linkamveka kuchokera kumsewu, wina akukuwa kuti amulowerera kutsogolo. A Bilqis anaika fupa pambale.

"Ndiye pusiyo ndine."

"Inde, Khala."

"Osati iwe."

"Ayi, Khala."

"Ndiye ndataya mawu anga onse aja kuteteza munthu amene sanatukwanidwe?" Anatembenukira kwa a Jobeda, amene anali atawerama ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. "Uwauze kuti pusi ameneyu jinja amamudziwa bwino, ndipo m'nkhuku umu wachepa. Koma uwauzenso kuti andiikire chiwalo china."

Delwar anamasulira. A Jobeda anadzutsa mutu msangamsanga. "Jinja wachepa? Jinja wa kuno ndi wamadzi! Uwauze abwere ku Barisal adzaone jinja!" Koma dzanja lawo linali kale m'bakuli kusankha chiwalo chonona.

Anakangana za jinja mpaka tiyi anazizira. Kenaka a Jobeda anati aitane mtsikanayo. Nighat anatuluka maso ali ofiira ndi kuseka, akuyesetsa kuoneka wamanyazi. A Jobeda anamugwira chibwano, anamutembenuzira kuwindo, n'kufunsa ngati amadziwa kuti mwamuna akumufunayo amaopa abakha. Nighat anayankha motsitsa mawu kuti akudziwa tsopano, ndipo kuti iye amaopa nkhuku, choncho sadzaweta kanthu.

A Jobeda anamusiya chibwano. Anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana mwana wawo, n'kunena mawu anayi okha a Chibengali.

Delwar anawamva bwino. Monga uliri mphika, chomwechonso chivundikiro. Kwawo amanena zimenezi anthu awiri akayenerana, kawirikawiri moseka, ngati kunena kuti zitsiru ziwiri zapezana. Koma pakamwa pa mayi ake kumeneko kunali kuvomera, ndipo sakanapeza kuvomera kwina koposa apo. Mwachizolowezi mutu wake unathamangira ku Chiurdu kukasaka mnzake wa mwambiwo, ndipo unaupeza: Mulungu walumikiza awiri, wina wakhungu wina wakhate. Tanthauzo linali pafupi, koma ululu wake unali wina. Mwambi wa mayi ake unali kutsina kwa chikondi, uwu unali chibakera. Anausiya pomwepo.

"Khala, akuti monga uliri mphika, chomwechonso chivundikiro."

Anatsegula pakamwa kuti afotokoze ntchito yake, koma a Bilqis anamuletsa ndi dzanja. "Khala chete. Ndaphika zaka zambiri kuposa zimene wakhala ndi moyo iwe. Umenewo ndaumva." Anakuwira kusitolo. "Abambo ake a Nighat! Siyani makuponiwo, bweretsani zotsekemera!" Kenaka anagwira dzanja la a Jobeda. "Ungowafunsa chimodzi. Mphika ndani, chivundikiro ndani?"

A Jobeda atamva funsolo sanaganize n'komwe. "Uwauze kuti wopanda kanthu m'kati ndi wanga."

Ukwati unachitika mvula itayamba, fodya ali wobiriwira m'minda, ndipo Lemani akuti ananyamula mipando pa lole yomweyo imene ndinakweramo.

Ine pamenepa ndili ndi chikayiko, ndipo sindibisa. Lemani m'nyumbamo sanalowemo. Anamva kwa Delwar ali pa ulendo, m'Chichewa cha m'sitolo, ndipo Delwar ndi munthu yemwe uja mayi ake omubereka anamukayikira. Mawu achilendo amene ndalemba apa ndawalemba monga anatulukira m'kamwa mwa Lemani, injini ikulira. Kuti amayi awiriwo anakangana za nkhuku ndikukhulupirira. Koma kuti mayi wotukwanidwa kuti pusi anapempha chiwalo china, pamenepo ndikuganiza kuti wina panjira anathirapo shuga.